Mtengo ukakwera, imelo yopita kwa kasitomala ilembedwe bwanji?

Pa 9 Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepa mphamvu ndi 44 peresenti. Dola imodzi, yomwe mabanki ankagulitsa pafupifupi K1,180, inalumpha n'kufika pa K1,700. M'masabata otsatirawo makalata olengeza mitengo yatsopano anali ponseponse, ochokera kusukulu, kwa eni nyumba, kumakampani a alonda, kwa osindikiza mabuku. Ambiri ankafanana ngati analemba ndi munthu mmodzi. Ankayamba ndi kuthokoza kwa ndime yathunthu, kenaka n'kudandaula za “mmene chuma chikuyendera”, ndipo mtengo weniweniwo unkabisala chakumapeto, limodzi ndi mawu akuti “kuyambira lero”. Palibe amene ankatsutsa kuti zinthu zakwera. Komabe makalata ena ankasiya kasitomala akungopukusa mutu n'kulipira, pomwe ena ankamupangitsa kuimbira wogulitsa wina tsiku lomwelo. Kusiyana kwake sikunali pa kukula kwa mtengo kokha.

Nkhani imeneyi inafufuzidwa kalekale. M'chaka cha 1986 akatswiri atatu, Daniel Kahneman, Jack Knetsch ndi Richard Thaler, anasindikiza zomwe anapeza atafunsa anthu a ku Canada pa lamya za mitengo yomwe amaiona kuti ndi yachilungamo. Funso lina linali la sitolo yomwe inkagulitsa fosholo yochotsera chipale chofewa pa madola 15, koma m'mawa wina chipale chitagwa kwambiri, inakweza mtengo kufika pa madola 20. Anthu 82 pa 100 aliwonse anati sitoloyo yachita zosalungama. Funso lina linali la wogulitsa ndiwo zamasamba amene wapikula letesi pa mtengo wokwera ndi masenti 30, naye n'kuwonjezera masenti 30 omwewo kwa ogula. Apa anthu 79 pa 100 anati palibe cholakwika. Panalinso funso la mwini sitolo amene ali ndi chiponde chambiri mosungira katundu, chomwe anapikula pa mtengo wakale, koma atangomva kuti kopikula chakwera, anakweza mtengo wa chomwe anali nacho kale. Anthu 79 pa 100 anakana kuti zimenezo sizoona.

Mayankho atatuwa akuonetsa mmene wogula amaganizira. Amavomereza kuti wogulitsa ateteze phindu lomwe ankapeza kale, pakuti palibe amene amayembekezera kuti munthu azichita malonda oluza. Chomwe salola ndi kuona kuti wogulitsayo wapezerapo mwayi pa mavuto kuti amudyere masuku pamutu. Choncho ntchito ya imelo yokweza mtengo ndi yoonetsa kasitomala kuti inu muli ngati wa letesi uja, osati wa fosholo. Izi sizitheka ndi mawu okoma okha. Zimayamba ndi masamu, kalata isanalembedwe.

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi kampani yaing'ono yoperekera madzi akumwa m'maofesi, a m'mabotolo a malita 20 aja. Botolo limodzi amagulitsa K5,000. Pa ndalama imeneyi, K1,500 imapita ku zinthu zochokera kunja monga zosefera madzi, zivindikiro ndi mabotolo olowa m'malo mwa osweka. K1,200 ndi ya mafuta ndi kukonzetsa galimoto, K1,000 ndi malipiro a antchito, K500 ndi ya magetsi ndi lendi, ndipo phindu lawo ndi K800. Tsopano dola yakwera ndi 44 peresenti, ndipo za kunja zija zafika pa K2,160. Za galimoto zafika pa K1,500, magetsi ndi lendi pa K540, malipiro sanasinthe. Botolo lomwe linkawadyera K4,200 likuwadyera K5,200, kutanthauza kuti pa botolo lililonse lomwe mnyamata wawo akutsitsa m'galimoto, mayiwa akutaya K200.

Apa pali misampha iwiri. Woyamba ndi wonena kuti popeza dola yakwera ndi 44 peresenti, nawo madzi akwere ndi 44 peresenti n'kufika pa K7,200. Koma dola ikukhudza mwachindunji K1,500 yokha pa K5,000 ija, ndipo yawonjezerapo K660, yomwe ndi pafupifupi 13 peresenti ya mtengo wa botolo. Wowerengera ndalama wa kuofesi komwe kumapita madziko amadziwa kuti madzi a m'botolomo sachokera ku Dubai, ndipo akaona 44 peresenti azindikira kuti mayiwa angokwera pamsana pa dola. Msampha wachiwiri ndi mantha. Mayiwa akhoza kuopa kuthawitsa anthu n'kungowonjezera K500. Atatero atsala ndi phindu la K300 pa botolo, lomwe lingathe galimoto ikangowonongeka kamodzi, ndipo pakapita miyezi iwiri adzalembanso kalata ina. Ine ndimaona kuti kalata yachiwiri yotereyi imakwiyitsa kuposa kukweza kamodzi kokwanira, chifukwa kasitomala anakapempha kale abwana ake kuti asinthe bajeti, ndipo kubwereranso ndi pempho lomwelo kumamuchititsa manyazi. Mtengo womwe mayiwa angauteteze pamaso pa aliyense ndi K6,000. Zowononga zakwera ndi K1,000, mtengo wakwera ndi K1,000, phindu latsala pa K800 pomwe linali.

Masamu akatha, kalata imakhala yosavuta, ndipo imakhala yaifupi. Mayiwa akhoza kuitumiza pa 1 Meyi ili motere.

Pa mutu: Mtengo watsopano wa madzi a malita 20 kuyambira pa 1 Juni

“Okondedwa Mayi Uje,

“Kuyambira pa 1 Juni, botolo la madzi la malita 20 lidzakhala K6,000 kuchoka pa K5,000. Pa mabotolo 40 omwe ofesi yanu imatenga pamwezi, ndiye kuti muzidzalipira K240,000 m'malo mwa K200,000.

“Zosefera madzi ndi zivindikiro timagula kunja, ndipo zakwera ndi K660 pa botolo lililonse. Mafuta, kukonzetsa galimoto ndi magetsi zawonjezerapo K340. K1,000 yomwe tawonjezerayi ndi yolipirira zimenezi basi.

“Madzi onse omwe tibweretse mwezi uno wa Meyi mulipira pa mtengo wakale. Masiku obweretsera madzi komanso nthawi yolipirira sizisintha. Ngati mungakonde kumalandira mabotolo 20 kawiri pamwezi m'malo mwa 10 sabata iliyonse, tikhoza kukupatsani pa K5,800, chifukwa galimoto izibwera kochepa.

“Ngati pali funso, ingoyankhani imelo ino kapena mundiimbire pa nambala ili m'munsiyi. Ngati ku ofesi yowerengera ndalama akufuna kotesheni yatsopano, ndikutumizirani tsiku lomwelo. Zikomo kwambiri chifukwa chotidalira zaka zonsezi.”

Pansi pake pabwere dzina la mayiwa, udindo wawo ndi nambala ya foni yomwe amayankha okha.

Choyamba kuona ndi mutu. Pali chizolowezi cholemba mitu yozemba, monga “Uthenga wofunika kwa makasitomala athu” kapenanso “Zosintha zosangalatsa”. Mutu woyambawo anthu ambiri satsegula, ndipo nkhani ya mtengo amadzaidziwira pa invoisi, pomwe mkwiyo wake umakhala waukulu. Wachiwiriwo ndi woipa kwambiri, pakuti munthu amatsegula akuyembekezera zabwino n'kupeza kuti amatidwa phula m'maso. Mutu ukatchula mtengo ndi tsiku, ngakhale amene sanatsegule imeloyo wamva uthenga, ndipo patapita miyezi akhoza kuifufuza n'kuipeza mosavuta.

Chachiwiri ndi chiganizo choyamba. Mwamwambo wathu munthu sufikira kutula nkhani yolemera usanapereke moni ndi kufunsa za kunyumba, ndipo n'chifukwa chake ambiri zimawavuta kuyamba ndi nambala. Pamaso ndi pamaso kapena pa foni, mwambowo ndi woyenera ndithu. Koma imelo ambiri amawerengera pa foni ya m'manja, pomwe mizere yochepa yokha ndi imene imaoneka, ndipo wowerenga akangoona ndime yaitali yothokoza amadziwiratu kuti kukubwera chinachake, n'kuyamba kudumpha mizere kusaka nambalayo. Ulemu m'kalata yotereyi uli pa kumutchula munthu dzina lake ndi kusamutayitsa nthawi. Kuthokoza kubwere kumapeto, komwe sikukuoneka ngati nyambo.

Onaninso kuti kalatayi yatchula mtengo wakale, watsopano, ndi zomwe ofesiyo izilipira pamwezi. Kungonena kuti “tawonjezera 20 peresenti” kumasiyira wowerenga ntchito, ndipo kubisa mtengo wakale sikuthandiza chifukwa ali nawo pa invoisi ya mwezi watha. Amene amalandira imeloyo nthawi zambiri si amene amavomereza ndalama. Ayenera kuitumiza kwa abwana kapena kwa wowerengera ndalama, ndipo funso loyamba kumeneko lidzakhala lakuti, “Ndiye pamwezi tizilipira zingati?” Yankho likakhala m'kalatamo, mwamupeputsira ntchito munthu amene akukuimirirani mkati mwa ofesiyo. Ngati kampani yanu imadula msonkho wa VAT, nenani momveka ngati mtengowo waphatikiza msonkhowo kapena ayi, chifukwa mikangano yambiri ya pa invoisi imayambira pamenepo.

Pa chifukwa chokwezera, kalatayi yatchula zinthu zomwe munthu angazione ndi maso, zosefera ndi zivindikiro, ndi ndalama zake. Mawu akuti “chifukwa cha mavuto a zachuma” sanena chilichonse, popeza mavutowo akumuwawanso kasitomalayo, ndipo akhoza kuyankha mumtima kuti nayenso malipiro ake sanakwere. Sizikutanthauza kuti muulule mabuku anu onse. Mayiwa sanatchule phindu lawo kapena malipiro a antchito, angotchula zomwe zakwera. Koma zomwe mwatchulazo zikhale zoona, ndipo mukumbukire kuti chifukwa chomwe mwapereka ndi ngongole. Mukanena kuti mwakweza chifukwa cha mafuta, tsiku lomwe bungwe la MERA lidzatsitse mtengo wa mafuta wina adzakukumbutsani kalata yanu. Ngati chifukwa chenicheni ndi chakuti mwakhala zaka zitatu osakweza ndipo antchito akufunika kuwonjezeredwa malipiro, nenani chomwecho. Anthu amachimva.

Mwina mwaona kuti m'kalatamo mulibe mawu akuti “pepani”. Kupepesa kamodzi sikulakwa, koma kalata yodzala ndi “tikupepesa kwambiri” ndi “sitikanafuna kutero” imamveka ngati wolembayo sakukhulupirira mtengo wake, ndipo imaitana kunenerera. Mbali inayo kuli kalata yodzitama, yofotokoza za ukadaulo wa kampani ndi kudzipereka kwake ngati kuti kukwera kwa mtengo ndi mphatso. Ngati pali chabwino chenicheni chomwe chabwera, monga galimoto yachiwiri yomwe ichepetse kuchedwa, chitchuleni m'chiganizo chimodzi. Ngati palibe, musapeke.

Nkhani ya tsiku ndi imene ambiri amaiphonya, ndipo ndi yomwe funso la chiponde lija likukhudza. Kukweza “kuyambira lero” kumauza wogula kuti ngakhale katundu yemwe munagula pa mtengo wakale mukumugulitsa pa watsopano, komanso kumamulanda mpata wokonzekera. Kwa makasitomala olipira pamwezi, masiku 30 ndi poyambira pabwino, chifukwa invoisi imodzi imadutsa pa mtengo wakale uthenga utafika kale. Kwa sukulu, chidziwitso chiyenera kufika teremu isanathe osati tsiku lotsegulira. Kwa mabungwe omwe amapanga bajeti ya chaka chonse, funsani kuti chaka chawo cha ndalama chimayamba liti, pakuti uthenga wofika bajeti isanatsekedwe umangolowetsedwa m'masamu, pomwe wofika itatsekedwa umafunika misonkhano. Musanalembe tsiku lililonse, werengani kontrakiti ngati ilipo. Ena anasainirana kuti mtengo sudzasintha kwa chaka, kapena kuti chidziwitso chizibwera masiku 60 zisanachitike, ndipo imelo singafafanize zomwe munasainira. Kotesheni yomwe munapereka kale ndipo masiku ake sanathe, ilemekezeni.

Ndikudziwa kuti mwezi wathunthu woluza K200 pa botolo si nkhani yaing'ono. Ngati mayiwa amagulitsa mabotolo 1,000 pamwezi, ataya K200,000. Koma ofesi imodzi ya mabotolo 40 imawabweretsera phindu la K32,000 pamwezi, lomwe ndi K384,000 pachaka, motero maofesi atatu okha otere akachoka chifukwa chodzidzimutsidwa, ataya zoposa zomwe akanapulumutsa pokweza tsiku lomwelo. Pomwe bizinesi singathedi kupirira mwezi, masabata awiri ndi abwino kuposa kusapereka mpata n'komwe, ndipo kalatayo inene poyera chifukwa chake nthawi yafupika.

Ngakhale makampani akuluakulu anapsa nazo zimenezi. Mu Julayi 2011 kampani ya Netflix ku Amereka inalekanitsa ntchito zake ziwiri, yobwereketsa mafilimu pa madisiki ndi yoonetsa mafilimu pa intaneti. Amene ankalipira madola 9.99 pamwezi pa zonse ziwiri anauzidwa kuti azilipira 7.99 pa iliyonse, zonse pamodzi 15.98, kukwera kwa pafupifupi 60 peresenti popanda chatsopano chomwe akulandira. M'miyezi ya Julayi mpaka Seputembala chiwerengero cha makasitomala ake ku Amereka chinatsika ndi pafupifupi 800,000, ndipo mu Seputembala mkulu wa kampaniyo, Reed Hastings, anapepesa poyera povomereza kuti njira yomwe analengezera inalibe ulemu. Mu 2014 kampani yomweyo inakweza mtengo wa pa intaneti kuchoka pa 7.99 kufika pa 8.99, koma kwa obwera kumene okha. Akale anauzidwa kuti akhala pa mtengo wawo kwa zaka ziwiri, ndipo kunalibe chipwirikiti ngati cha 2011. Kampani yaing'ono singakwanitse zaka ziwiri, koma mwezi umodzi kapena iwiri kwa amene mwakhala nawo nthawi yaitali ndi chinthu chotheka.

Mwayi wa K5,800 m'kalata ya mayiwa uli ndi ntchito yomweyo. Munthu amene wangouzidwa kuti “lipirani kapena chokani” amayamba kuganiza zochoka, pomwe amene wapatsidwa njira ziwiri amayamba kuyerekeza njirazo. Chofunika n'chakuti kuchotserako kuchokere pa ndalama zomwe mwapulumutsadi. Apa maulendo a galimoto atsika kuchoka pa anayi kufika pa awiri pamwezi, ndiye K200 ija ikuchokera ku mafuta, osati ku phindu.

Kalata yabwino ikhoza kuwonongeka potumiza. Cholakwa chomwe chimachitika kawirikawiri ndi kuika maadiresi onse pa To kapena Cc, pomwe aliyense amaona anzake onse. Mukatero mwaulula mndandanda wa makasitomala anu, ndipo mmodzi wokwiya akadina Reply all, dandaulo lake lifika kwa onse n'kusanduka msonkhano. Malo a Bcc amabisa maadiresiwo, koma salola kutchula dzina la munthu kapena mabotolo ake 40. Ngati makasitomala ndi makumi angapo, ndi bwino kupatula tsiku n'kutumizira aliyense yake. Ingosamalani kuti nambala za ofesi ina zisatsalire m'kalata ya ofesi ina, makamaka ngati mitengo yawo imasiyana. Uthenga wonse ukhale m'thupi la imelo. Chikalata chokhala ndi chidindo chikhoza kumatidwa ngati umboni wa ku ofesi yowerengera ndalama, koma imelo yongonena kuti “onani chomwe tamata” ambiri saitsegula pa foni. Itumizeni kuchokera ku adiresi ya munthu amene amamudziwa, osati ya noreply yomwe siyankhidwa, ndipo ikhale m'mawa wa tsiku la ntchito pomwe inu muli pafupi ndi foni. Yotumiza Lachisanu madzulo imaoneka ngati mwaponya mwala n'kuthawa.

Makasitomala asanu kapena khumi omwe amabweretsa ndalama zambiri asamve nkhaniyi pa imelo koyamba. Aimbireni kapena pitani konko, perekani moni monga mwa mwambo, fotokozani, kenaka imelo ibwere ngati chikumbutso cha zomwe mwakambirana. Antchito anu auzeni kalata isanatuluke. Woyendetsa galimoto ndi mnyamata wotsitsa mabotolo ndi amene adzafunsidwe pakhomo, ndipo akayankha kuti “ifenso sitikudziwa” kapena “ndi abwana amenewo, ndalama sizikuwakwana”, ntchito yonse ya kalata ija yagwa. Apatseni chiganizo chimodzi choona choti azinena, ndi dzina la munthu woti azilozerako ofunsa zambiri.

Imelo ikapita, chete si chizindikiro chakuti onse avomera. Mwina inagwera mu Spam, mwina munthu amene munamulembera anasiya ntchito. Pakatha masiku atatu kapena anayi, tumizani uthenga waufupi pa WhatsApp kapena imbani kufunsa ngati yafika, ndipo sabata imodzi tsiku lisanakwane kumbutsaninso. Zizindikiro za kasitomala amene wakhumudwa mwakachetechete zimaoneka m'mabuku. Ofesi ya mabotolo 40 ikayamba kuitanitsa 25, kapena ikapempha mwadzidzidzi kuti muwerengere mabotolo anu opanda kanthu omwe ali kwawo, dziwani kuti ikuyesa wogulitsa wina, ndipo nthawi yoimba foni ndi imeneyo.

Ena adzayankha ndi kunenerera, monga, “Mayi, ife ndi akale, tisiyireni pa K5,500.” Mayiwa akavomera chifukwa choti munthuyo walankhula mokweza, nkhaniyo idzamveka, pakuti ogula zinthu m'maofesi amadziwana, ndipo amene analipira K6,000 osadandaula ndi amene adzamve kuwawa kwambiri. Komanso kalata ija inati K1,000 ndi yolipirira zomwe zakwera basi, ndiye kutsika ndi K500 mosavuta kukusonyeza kuti sizinali zoona. Yankho labwino ndi kusinthanitsa. “Bambo, pa K5,500 sindingathe, koma mukamatenga kawiri pamwezi ndi K5,800, ndipo mukalipiriratu miyezi itatu Meyi asanathe, Juni yense ndikusiyirani pa K5,000.” Chilichonse chomwe mwagwirizana pa foni chilembedwe pa imelo tsiku lomwelo, ndi mtengo wake komanso tsiku lomwe chidzathere, ndipo wopanga mainvoisi alandire kope kuti invoisi ya Juni idzafanane ndi zomwe munalonjeza.